Miyambi Imene Ndinabwezera Nayo Esinati

Wokondedwa mwana wanga Benedikito,

Mawa m'mawa ukukwera minibasi ya ku Balaka, ndipo Loweruka ukhala mwamuna wa Tiyamike. Pa mwambo wathu okulangiza ndi amalume ako ndi ankhoswe. Ine bambo ako ndidzangokhala kumbuyo nditavala jekete, n'kumagwedeza mutu. Ndiye ndang'amba mapepala m'kope la kwaya masana ano, amayi ako atapita kuchigayo, kuti ndikuuze zimene sindingathe kukuuza pagulu.

Kumeneko akakuthira miyambi yambiri, Bene. Ina ndi yabwino ndithu, uisunge. Koma ina ikamanenedwa, usamayang'ane pakamwa pa woinena. Uziyang'ana amene waweramitsa mutu. Ine izi ndinaziphunzira mochedwa, ndipo amene anavulala kuti ine ndiphunzire ndi msuweni wako Esinati.

Iwe unali mwana nthawi imeneyo, ndiye sudziwa kuti kuno ku Nsanama ndinkatchuka ndi miyambi. Pamaliro, pachinkhoswe, pamlandu wa malire a munda, ankati, "Dikirani abwere a Kaliwo atsekere." Ndinkangoponya mwambi umodzi, anthu onse n'kuti zii. Ndinkayesa kuti kukhala chete kumeneko ndiye kuvomera. Miyambi ndinkaiona ngati phiri la Chikala, chinthu chimene tinachipeza chili pomwepo ndipo palibe anachiumba.

Esinati, mwana wa azakhali ako a Rozina, atakwatiwa ndi mlimi wa mpunga wa kwa Mposa n'kutengedwa kukakhala komweko, ine monga malume wake ndinali nkhoswe. Chisanathe chaka anabwera kwathu kuno mwana ali kumsana. Anagwada apo pali mtondo n'kunena kuti, "Amalume, bambo a kunyumba akagulitsa mpunga amatha sabata osabwera. Ndamva kuti ali ndi wina ku Liwonde." Ine ndinaseka, n'kumuuza kuti, "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mkazi ndi chitenje, amathera pakhomo." Anaweramitsa mutu. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndikudziona kuti ndagwira ntchito.

Ulendo wachiwiri anabwera diso litatupa. Anali atayamba wauza amayi a m'mphakati wa kutchalitchi kwawo, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipsetsa mtima kuposa disolo. Ndinati, "Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Zam'nyumba saulula. Banja ndi kupirira." Amayi ako anali pakhonde akusankha nandolo. Ndinaona kuti manja awo aima, koma sanayankhule, ine sindinawafunse.

Ulendo wachitatu sanagwade n'komwe. Anaima chilili pakhomo n'kuti, "Amalume, ndikuopa." Mawu awiri okha. Ine ndinali ndi mwambi wokonzeka kale pakamwa, ndipo unkandikomera chifukwa umamveka bwino: "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima." Ndinamukweza ndekha pa njinga ya kabaza. Pamene njinga inkanyamuka sanacheuke.

Patapita masabata atatu, uthenga unabwera kuti Esinati wagonekedwa m'chipatala ku Liwonde. Mkono unathyoka pawiri, ndipo khutu lake lamanzere silimvanso mpaka lero. Ukamayankhula naye amapendeketsa mutu, mwina unazionapo osadziwa chifukwa. Tinapita ndi amayi ako. Ndinaima kumapazi kwa bedi, chipewa chili m'manja. Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankhula motsitsa, mopanda mkwiyo: "Amalume, mphezi ija yagwa. Lero mwabwera ndi mwambi wanji?" Bene, ndinafufuza m'mutu monse. Munthu wa miyambi yosawerengeka, sindinapeze ngakhale umodzi woti ndinene pamaso pa mkono umenewo.

Tikutuluka, amayi ako anati tisakwere galimoto msanga, tikhale kaye pansi pa mtengo pafupi ndi depoti. Amayi ako sukulu analekeza sitandade 4, ukudziwa. Koma zimene anachita ndi miyambi yanga masana amenewo sindinazionepo kwa mphunzitsi kapena kwa wansembe. Anaitenga umodziumodzi ngati mmene amatembenuzira nsomba pamsika kuti aone ngati yaola kumimba.

"Bambo a Bene," anatero, "mwambi wa mphezi uja, munayamba mwauuzapo mwamuna?"

Ndinaganiza. Ndinati iyayi.

"Nanga m'mwambimo muli mawu oti mkazi?"

Ndinatinso iyayi. Kunena zoona, mawu oti wakwata amanena za mwamuna, pakuti mkazi amakwatiwa. Mwambi umenewo ukanayenera mkamwini wopezeka pakati pa apongozi ovuta. Koma ine moyo wanga wonse ndinkauloza kwa akazi okhaokha.

"Ndiye si mwambi wokha," anatero amayi ako. "Ndi dzanja louponya. Wa bongololo nawonso n'chimodzimodzi. Umaletsa munthu kudzichititsa manyazi pagulu. Inu munautenga n'kutsekera pakamwa mwana amene akumenyedwa. Womenyayo munamuuza mwambi wanji?"

Panalibe. Mwamunayo ndinali ndisanamuitane n'kamodzi komwe.

Atafika pa wa kabudula ndi chitenje anagwira chitenje chimene anavala n'kundionetsa pamene chinaperepeseka. "Ichi chathera pakhomo? Chapita kudimba, kuchigayo, kusikelo, kumaliro a abale anu onse, ku Nayuchi kukagula nyemba. Amene anapeka mwambi umenewu sanafunse chitenje." Kenako anati, "Tautembenuzani tione. Nenani kuti mkazi ndi chitenje, amathera moyenda, mwamuna adikire pakhomo." Ndinayesa kunena, koma ndinalephera. Amayi ako anati, "Mwaona. Mwambi woona umakoma mbali zonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, kaya ndi cha mwamuna kaya ndi cha mkazi. Koma umene mukautembenuza ukukuwawani, dziwani kuti unkawawa mnzanu nthawi yonseyi."

Ndinakhala pamenepo magalimoto akudutsa, ndikuyang'ana mkazi amene ndinali nditakhala naye zaka khumi ndi zisanu. Ndinachita mantha, Bene, mantha onga amene umachita ukaponya mwala m'chitsime chimene umatungamo tsiku ndi tsiku n'kumva kuti ukuchedwa kufika pansi. Zonsezi anali nazo m'mutu akusankha nandolo pakhonde paja. Ndinawafunsa kuti, "Nanga simunanene bwanji?" Anati, "Mukanandiyankha ndi mwambi wina."

Uzikumbukira zimenezi, mwana wanga. Mwambi ukanenedwa pa nkhani ya Tiyamike, uzifunsa mumtima kuti kodi umenewu amauuzanso amuna. Uutembenuze, uumve ngati ukukomabe. Uone ngati chithunzi chake chili choona. Ndipo uyang'ane amene waweramitsa mutu.

Esinati atatuluka m'chipatala, nkhani ya kumenyedwa inapita kupolisi, monga zinayenerera kuyambira pa diso lija. Koma ya banja inatsalira ife ankhoswe. Tinakumana kwa Mposa pansi pa mtengo wa mango, amayi ako nawonso ali pomwepo. Nkhoswe ya kuchimuna anali mkulu wodziwa kuyankhula, ndipo anayamba ndendende mmene ndikanayambira ine. Anati, "Akuluakulu anati banja ndi kupirira. Mwana abwerere kunyumba kwake." Anthu anang'ung'udza movomera n'kutembenukira kwa ine, poti ankadziwa kuti a Kaliwo satsutsa akuluakulu. Ndinati, "Akuluakulu omwewo anatinso pakadafunda padajiwitsa galu. Galu anaona kuti pamene wagona ndi pofunda, anakana kuchoka, fisi anamupeza pomwepo. Mwana wathu sabwerera." Panali zii, koma zii wina, wa anthu amene akuganiza. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti makolo athu sanali munthu mmodzi. Ankatsutsana. Ena anatisiyira miyambi yomanga, ena yomasula, ndipo onse ndi akuluakulu. Ine ndinkangotola ya mbali imodzi. Ndiye usanathamangire kupeka watsopano, Bene, yamba wafufuza m'nkhokwe. Nthawi zambiri wabwino ulimo kale. Akakuuza kuti mwamuna ndiye mutu, iwe ukumbuke kuti mutu umodzi susenza denga. Akati mwana wamkazi asapite kutali ndi sukulu, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mwambiwo sunanene kuti ng'onayo ndi yaimuna.

Nditayamba kukonza miyambi ndekha ndinalakwitsanso, ndipo ndinasekedwa. Pachinkhoswe china ku Ntaja ndinaimirira n'kunena kuti, "Banja ndi mgwirizano wa anthu awiri amene ali ndi ufulu wofanana." Amayi ena kumbuyo anati, "A Kaliwo apita ku semina." Anthu anaseka mpaka misozi. Mawuwo anali oona, koma sanali mwambi. Analibe chithunzi, analibe kaphokoso kokoma m'khutu, ndipo palibe akanawakumbukira atafika kunyumba. Nditawauza amayi ako, anaseka nawonso, kenako anati, "Mwagwetsa nyumba yonse chifukwa cha nsichi imodzi yofumbwa. Banja ndi kupirirana. Basi." Tamvera, Bene. Anangowonjezera zilembo ziwiri kumapeto, katundu amene anali pamutu pa mmodzi n'kukhala pa awiri. Khutu limamva ngati mwambi wakale womwe uja, mtima n'kumva china. Ndinaubwereza tsiku lonse ndikupalira chimanga, ndikudabwa kuti kanthu kochepa chonchi kanali pafupi zaka zonsezi. Koma amayi ako anandichenjeza kuti ngakhale umenewu si wa pamene pali chibakera. Kupirirana ndi pa njala, pa matenda, pa mkonono ndi pa lilime lofulumira.

Ndinalakwitsanso mbali ina. Pofuna kusangalatsa amayi pa ukwati wina, ndinati, "Akazi ndi maluwa." Anaomba m'manja ndi nthungululu. Pobwerera amayi ako anandifunsa kuti, "Mwambi umenewo umatha bwanji?" Ndinakumbuka: akazi ndi maluwa, sachedwa kulakatika. Ndi mwambi wouza mwamuna kuti duwa likafota athyole lina. Uchenjere ndi yotamanda, Bene, ina imabisa mbedza m'nyambo. Ndipo uchenjere ndi imene imanyoza iwe. Akadzauza Tiyamike kuti mwamuna ndi mwana, usaseke nawo. Akunena kuti iwe sungadzigwire, ndipo kuti zolakwa zako azisenza iye. Kutembenuza mwambi n'kongouyesera. Kuuchiritsa si kuchotsa chipongwe pa mkazi n'kuchiika pa mwamuna.

Esinati anabwerera kwa amayi ake, n'kuyamba kulima dimba ndi mkono umodzi wolimba. Patapita zaka, alimi a kudambo kuno anafuna kusankha wapampando woyang'anira kagawidwe ka madzi mu ngalande, pakuti a kumunsi ankangokhalira kukangana ndi a kumtunda. Amayi ena anatchula dzina la Esinati. Bambo wina anaimirira n'kuti, "Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo." Amuna anaseka. Ndinaona mutu wa Esinati ukuyamba kutsika, ndendende ngati tsiku lija pamtondo. Ine ndinayendetsapo ngolo ndili mnyamata kwa amalume anga ku Balaka, ndiye ndinaimirira n'kufunsa bamboyo ngati anamangapo ng'ombe pagoli. Anati iyayi. Ndinati, "Ine ndinamangapo. Yaikazi timaipumitsa chifukwa ili ndi bere kapena ikuyamwitsa, ndiyo imakulitsa khola. Koma chaka chimene yaimuna yathu inafa, amalume anamanga yaikazi, ndipo chimanga chinafika kunyumba. Ngolo sifunsa woikoka." Mawu omalizawo sindinawakonzekere, anangotuluka. Mayi wina anawabwereza mokweza, wina n'kuwalandira. Esinati anasankhidwa, ndipo anagawa madzi zaka zinayi, a kumunsi ndi a kumtunda akulonjerana.

Chimene ndikufuna kukuuza tsopano ndimachiganizira ndikadwala, ndipo chimandilimbitsa. Chaka chathachi ndinakwera sitima ku Liwonde kupita ku Nayuchi kukaona mnzanga wodwala. Moyang'anana nane munakhala mayi wina wachikulire wovala mpango, woyankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, ndi mdzukulu wake wamkazi wamkulu ndithu. Sindinawaonepo chibadwire. Mtsikanayo ankadandaula kuti akufuna kukaphunzira zokonza magalimoto koma anyamata akumuseka. Agogowo anamenya pabondo pake n'kuti, "Iwe, usamve zimenezo. Akuluakulu amati ngolo sifunsa woikoka." Ndinawafunsa mwaulemu kuti mwambi umenewo anaumva kuti. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Ndi wakalekale umenewu, bambo. Simuudziwa?" Ndinatembenukira pawindo, dambo la ku Chilwa likudutsa, misozi ikutsika. Mawu amene anatuluka pakamwa panga pamsonkhano wa ngalande anayenda okha, opanda tikiti, mpaka anasanduka a akuluakulu. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa kuti wa mphezi uja nawonso unayamba choncho. Munthu wina, tsiku lina, anaunena koyamba. Akuluakulu amene timawatchulawa ndi ife tomwe, tikadzapita. Choncho usamale zimene ukanene m'nyumba mwako, pakuti sudziwa sitima imene zidzakwere.

Wa mpheziwo amayi ako anaukonza okha, ndipo amaunena akamalangiza atsikana: wakwatiwa kwa mphezi asaiwale njira ya kwawo. Ndikufuna Tiyamike aumve kuchokera pakamwa pako. Umuuze kuti njira ya kwawo ndi yotsegula, ndipo ya kuno ku Nsanama nayonso ndi yotsegula kwa iye, ngakhale wolakwayo utakhala iwe.

Tsopano pali cholakwa chimodzi chimene ndinakulakwira iwe mwini, ndipo ndicho chandikhazika pansi kulemba. Zaka ziwiri zapitazo unabwera kuchokera ku Liwonde nkhope ili yakugwa, n'kundiuza kuti mtsikana wa ku Balaka, Tiyamike yemweyu, wakukana. Tinali kumunda. Ine, munthu amene ndinkayesa kuti ndinachira, ndinakugwira paphewa n'kuti, "Mbeta silola tsiku limodzi. Bwereranso." Unabwereranso. Sindikudziwa kangati.

Sabata yatha ndinkawafotokozera amayi ako zimenezi monyadira, kuti ukwatiwu ndi wa mwambi wanga. Anali akuchapa. Anaimika manja m'beseni n'kuti, "Mwambi umenewo umaphunzitsa mnyamata kuti iyayi wa mkazi si iyayi." Ndinayesa kuutembenuza monga anandiphunzitsira, ndipo ndinaona kuti mwamuna akakana chinthu palibe amati akungodzikometsa. Ndinayesa kuukonza, unakanika. Ukachotsa chovundacho sipatsala kanthu. Ilipo miyambi ina yotere, Bene, yongofunika kuikwirira.

Kenako ndinafunsa funso limene sindinafunsepo pa zaka makumi atatu. Amayi ako anandikana katatu ndisanawakwatire, ndipo nkhani imeneyi ndakhala ndikuikamba pamaukwati anthu n'kumaseka. Ndinati, "Mayi a Bene, muja munkandikana muja, munkakanadi?"

Anafinya malaya, n'kuwaika pambali. "Koyamba ndinkakanadi. Kachiwiri ndinkakanadi. Ndinkafuna kubwerera kusukulu. Nditakana kachitatu amalume anga anandiuza kuti ndikuchititsa manyazi, ndiye ndinatopa."

Ndinati, "Ndiye simunandilole?"

"Ndinakulolani," anatero. "Koma osati chaka chimenecho. Ndinakulolani kwa Mposa, pansi pa mango, mutanena kuti mwana wathu sabwerera. Bene anali kale sitandade 3."

Anatenga malaya ena n'kupitiriza kuchapa. Ine ndinakhala pa mpando mpaka dzuwa linandipeza pamene panali mthunzi. Zaka khumi ndi zisanu mayi ameneyu anandiphikira, anandiberekera ana, anandidwazika, asanandilole, ndipo ine sindinadziwe. Ndipo atandilola sanandiuze, ine osadziwanso.

Mwina Tiyamike anakukonda kuyambira tsiku loyamba, ndipo ankangofuna kukudziwa bwino. Ndikamuona mmene amakuyang'anira ndimakhulupirira choncho. Koma ine sindikudziwa, ndipo iwenso sukudziwa, chifukwa ndinakuphunzitsa kusafunsa. Ndiye ukafika ku Balaka mawa, usanapite kukaona za suti ndi za mipando, umupemphe kuti muyende pang'ono awiri, kutali ndi azakhali ake ndi ankhoswe. Umufunse ngati walola yekha, kapena anatopa. Umuuze kuti yankho lililonse ulilandira, ndipo unene zimenezo uli wotsimikiza. Ukafunsa, ukhale chete. Usamuthandize kuyankha. Akati akufuna nthawi, undiimbire foni. Mbuzi tagula ija idikira, ndipo manyazi a pamaso pa anthu ndidzasenza ine, poti mwambiwo unali wanga.

Akati walola, Bene, udzakhala ndi chinthu chimene ine ndinachidikira zaka khumi ndi zisanu osadziwa kuti ndikudikira, ndipo iwe udzakhala nacho Loweruka lisanafike.

Amayi ako ndi awo akubwera ndi ufa pamutu, ndikawatule. Uyende bwino, Mulungu akutsogolere. Kalatayi ukawerenga umupatsenso Tiyamike awerenge.

Ndine bambo ako,
Kaliwo